Kodi lamulo limapereka ana kuchimuna kapena kuchikazi?

"Boma lalamula kuti banja likatha, ana ndi a amene anapereka lobola." Ena amautembenuza uthengawu: "Mkamwini alibe ana, lamulo likuti ana ndi a mwinimbumba."

Mauthenga awiriwa amabwerabwera m'magulu athu apafoni kuno ku Thyolo, ndipo onse ndi abodza. Chikamwini ndi mwambo wathu Alhomwe ndi Amang'anja, lobola ndi mwambo wa Atumbuka ndi Asena, koma palibe mwa iyi womwe khoti limakakamizika kuutsatira pankhani ya ana. Gawo 23 la Malamulo Aakulu a dziko lino limati pankhani ya mwana, choyamba ndi ubwino wa mwanayo. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapatsa makolo onse awiri udindo womusamalira.

Tiyerekeze bambo wa ku Rumphi wakwatira mayi wa ku Bvumbwe, ng'ombe zinaperekedwa, kenako banja latha. Khoti silidzawerenga ng'ombe. Lidzaona msinkhu wa mwana, amene wakhala akumusambitsa ndi kumuperekeza kusukulu, komanso komwe angakhale motetezeka. Kholo lomwe silikhala naye likhoza kulamulidwa kupereka chithandizo. Chimandiwawa n'chakuti amalume ena amabisa mwana kwa bambo ake atakhulupirira uthenga wapafoni, mwana n'kusiya sukulu.

Mukaulandira, funsani wotumizayo kuti ndi lamulo liti, gawo lanji. Akasowa yankho, kafunseni kukhoti la majisitireti kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa Boma. Chonde, musautumizenso kwa ena.