P/E: nambala yosavuta kuwerengera, koma yobisa zambiri

Mukatenga lipoti la mitengo ya masheya a pa Malawi Stock Exchange, pafupi ndi mtengo wa sheya iliyonse mupezapo danga lolembedwa kuti P/E, nambala yoyerekeza mtengo wa sheya ndi phindu lake. Anthu ambiri amene ayamba kugula masheya anamva kuti nambala ya m'dangali ikakhala yaing'ono ndiye kuti sheyayo ndi yotchipa, ikakhala yaikulu ndi yodula. Mawuwa ali ndi choonadi pang'ono, koma munthu amene akugula potsatira zimenezi zokha akuika ndalama zake pangozi.

Kawerengedwe kake ndi ka magawo awiri. Choyamba mumapeza phindu limene lagwera sheya imodzi, lomwe m'malipoti amalilemba kuti EPS. Mumatenga phindu la chaka chonse msonkho utachotsedwa, n'kuligawa ndi chiwerengero cha masheya onse a kampaniyo. Kenako mumatenga mtengo wa sheya pa msika lero n'kuugawa ndi EPS ija.

```
EPS = phindu ÷ masheya onse
P/E = mtengo wa sheya ÷ EPS
```

Tiyerekeze kampani ina imene yapanga phindu la K12 biliyoni, ndipo ili ndi masheya 4 biliyoni. Sheya iliyonse yapeza K3. Ngati sheyayo ikugulidwa pa K30, P/E yake ndi 10. Tanthauzo lake n'lakuti pa kwacha imodzi iliyonse ya phindu la pa chaka, inu mukulipira K10. Mwa njira ina, phindu likanati lizikhala lomwelo chaka ndi chaka, pakanatenga zaka 10 kuti kampaniyo ipange ndalama zofanana ndi zomwe mwalipira.

Pali malo awiri amene anthu amapunthwa powerengera okha. Malipoti a makampani ena a kuno amalemba EPS m'matambala pomwe mtengo uli m'makwacha. Mukaona 300 n'kuiyesa makwacha, mupeza P/E ya 0.1 m'malo mwa 10. Malo achiwiri ndi makampani amene ali ndi makampani ena pansi pawo, monga Press Corporation ndi NICO Holdings. Phindu lalikulu limene limalengezedwa m'nyuzipepala si lonse la eni masheya a kampani yaikuluyo, chifukwa gawo lina ndi la anthu amene ali ndi masheya m'makampani apansiwo. Fufuzani mzere umene ukusonyeza phindu la eni ake a kampani yaikulu, ndipo mugwiritse ntchito umenewo.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani. Mtengo wa sheya aliyense amauona, palibe chobisika. Chimene chimafuna maso ndi phindu lija, chifukwa P/E imangolilandira monga lilili, osafunsa kumene lachokera.

Tibwerere ku kampani yathu ija, ndipo tinene kuti ntchito yake ndi yobwereketsa nyumba za maofesi. Mukatsegula lipoti lake la chaka, mukupeza kuti pa K12 biliyoni ija, K4 biliyoni yokha ndiyo yachokera ku lendi atachotsa zolipira zonse. K8 biliyoni yotsalayo yabwera chifukwa akatswiri oyesa mitengo ya nyumba anena kuti nyumbazo tsopano zakwera mtengo. Malamulo a kasungidwe ka mabuku amalola kuti kukwera kumeneku kulembedwe ngati phindu, ndiye palibe chinyengo chilichonse. Komabe palibe tambala imene yalowa mu akaunti ya kampaniyo. Nyumba ndi zomwe zija, alendi ndi omwe aja. Mukawerengera ndi phindu la lendi lokha, sheya imodzi yapeza K1, ndipo P/E yadumpha kuchoka pa 10 kufika pa 30. Sheya imene imaoneka yotchipa ija mukuilipira katatu kuposa mmene mumaganizira.

Izi si zongopeka pa msika wathu. MPICO ndi ICON Properties ndi makampani a nyumba, ndipo kusintha kwa mitengo ya nyumba zawo kumalowa m'phindu lawo. NITL nayo ntchito yake ndi kusunga masheya a makampani ena, choncho msika ukakwera phindu lake limakwera nawo, msika ukaima phindulo limafota. Sindikunena kuti makampani otere ndi oipa, ayi. Ndikunena kuti P/E yawo simungaiike pambali pa P/E ya banki kapena ya kampani ya mafoni n'kunena kuti yaing'onoyo ndiyo yabwino. Yerekezani banki ndi banki inzake, kampani ya nyumba ndi inzake ya nyumba. Ndipo kuti mudziwe ngati phindu lili ndi ndalama zenizeni kumbuyo kwake, pitani pa tsamba la lipoti limene limasonyeza ndalama zolowa ndi zotuluka. Ngati phindu ndi lalikulu koma ndalama zolowa kuchokera ku ntchito ya tsiku ndi tsiku n'zochepa, imani kaye mufunse.

Chinthu china n'chakuti mtengo ndi walero pomwe phindu ndi lakale. Kampani imene imatseka mabuku mu Disembala imatulutsa zotsatira zake patapita miyezi ingapo, ndiye mukamawerenga P/E chakumapeto kwa chaka, mukugawa mtengo walero ndi phindu la chaka chatha. M'dziko limene mitengo ya zinthu yakhala ikukwera ndi 20 peresenti ndi kupitirira pa chaka kuyambira 2022, kusiyana kumeneku si kwamasewera. Kampani imene phindu lake likukula msanga imaoneka yodula kuposa mmene ilili, ndipo imene ikulowa pansi imaoneka yotchipa. Apa ndi pamene zilengezo za makampani zimathandiza: malamulo a msika amafuna kuti kampani ichenjeze anthu ikaona kuti phindu lake lisiyana ndi la nyengo yapita ndi 20 peresenti kapena kuposa. Musamazidumphe m'nyuzipepala. Zimakuuzani kumene phindu lija likulowera lipoti la chaka lisanatuluke.

Za ngongole, P/E ili chete. Makampani awiri akhoza kukhala ndi P/E yofanana, ina yopanda ngongole, ina ili ndi ngongole yaikulu ya madola. Pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense amene anali ndi ngongole ya madola anaona ngongoleyo ikutupa m'makwacha tsiku limodzi. P/E ya dzulo lake sinachenjeze munthu. Ndipo kampani ikaluza, P/E imasowa tanthauzo, n'chifukwa chake nthawi zina danga lija mumalipeza lopanda kanthu kapena lili ndi nambala yokhala ndi chizindikiro chochotsera.

P/E sikuuzaninso kuti m'thumba mwanu mulowa zingati. K3 ija ndi phindu la kampani, osati lanu. Akuluakulu oyendetsa kampani akhoza kugawira eni masheya K1 ngati dividendi n'kusunga K2 kuti akulitsire ntchito, kapena osagawa konse. Kwa munthu wopuma pa ntchito amene akudalira dividendi kuti agule mankhwala ndi kulipira magetsi, funso limeneli ndi lalikulu kuposa P/E.

Pomaliza, mtengo wa sheya womwe timaugwiritsa ntchito pa kawerengedweka ndi wa malonda omaliza amene anachitika. Pa msika wathu, masheya ena amatha masiku osagulidwa, ndipo malonda a masheya ochepa chabe amatha kusuntha mtengo. Musanakhulupirire P/E ya sheya yotere, funsani buloka wanu, amene amakugulirani masheya, kuti ndi masheya angati amene agulidwa m'mwezi wathawu, ndiponso ngati pali anthu amene akudikira kugula pa mtengo umenewo tsiku limene inu mudzafune kugulitsa.