Lonjezo lobwera ntchito itatha kale: mafunso ndi mayankho

Munthu wandilonjeza ndalama chifukwa cha ntchito imene ndinamugwirira kale mwa kufuna kwanga, ndipo walemba ndi kusaina. Kodi khoti lingamukakamize kulipira?

Kawirikawiri silingamukakamize. M'malamulo a ku England, ndi m'mayiko ambiri amene anatengera malamulowo, lonjezo limakhala kontirakiti pokhapokha wolonjezedwayo atapereka kanthu kosinthanitsa nalo, kaya ndi ndalama, ntchito, katundu kapena lonjezo lake, ndipo kanthu kameneka maloya amakatcha konsidareshoni. Khoti siliyeza ngati kanthuko kakulingana mtengo ndi lonjezo, koma limafunsa ngati kanaperekedwa chifukwa cha lonjezolo. Ntchito imene inatha lonjezo lisanaperekedwe singakhale kuti inagwiridwa chifukwa cha lonjezo limene panthawiyo kunalibe.

Mlandu wa Re McArdle wa 1951 umaonetsa bwino zimenezi. Bambo wina anasiya nyumba yoti idzakhale ya ana ake mayi awo akadzamwalira. Mkazi wa mmodzi wa anawo, amene ankakhala m'nyumbamo, anaikonza ndi ndalama zokwana mapaundi 488, popanda womupempha. Ntchito itatha, ana onse anasaina chikalata cholonjeza kuti adzamubwezera ndalamazo kuchokera pa chuma chamasiye, koma pambuyo pake anakana. Khoti la apilo linagamula kuti mkaziyo sangalandire kanthu, chifukwa pa tsiku losaina panalibenso chimene iye ankapereka kapena kulonjeza. Chigamulochi chimamveka chowawa, ndipo ndikuona kuti n'chowawadi, komabe chifukwa chake n'chomveka: mawu onenedwa poyamikira zimene zinachitika kale ndi lonjezo la mphatso, ndipo lamulo silikakamiza munthu kupereka mphatso.

Nanga ngati anachita kundipempha kuti ndigwire ntchitoyo, koma za malipiro tinakambirana pambuyo pake?

Apa zinthu zimasintha. Mu 1615, pa mlandu wa Lampleigh ndi Braithwait, Braithwait anali atapha munthu ndipo anapempha Lampleigh kuti akamupemphere chikhululukiro kwa mfumu. Lampleigh anayenda maulendo pa nkhaniyo, kenako Braithwait anamulonjeza mapaundi 100, ndipo khoti linati alipire chifukwa pempho ndi lonjezo zinali mbali za mgwirizano umodzi.

Masiku ano makhoti amatsatira mfundo zitatu zimene zinafotokozedwa pa mlandu wa Pao On ndi Lau Yiu Long. Wolonjezayo akhale kuti ndiye anapempha ntchitoyo, onse awiri akhale kuti ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti padzakhala malipiro, ndiponso malipirowo akhale oti lamulo likanawavomereza akanalonjezedwa ntchito isanayambe. Mfundo yachiwiriyo ndi imene imagwetsa milandu yambiri, makamaka ya pachibale, chifukwa khoti limavutika kukhulupirira kuti wothandiza m'bale wake ankayembekezera kulipidwa. Katswiri amene amalipidwa nthawi zonse pa ntchito yamtunduwo savutika kwenikweni kutsimikizira zimenezi.

Kodi pali njira yoti lonjezo lopanda malipiro limange wolonjeza?

Njira yodalirika ndi chikalata chapadera chotchedwa didi. Ku England, malinga ndi lamulo la 1989, chikalatacho chiyenera kuonetsa poyera kuti ndi didi, kusainidwa pamaso pa mboni imene nayonso imasaina, ndi kuperekedwa monga didi. Ana a McArdle akanachita zimenezi, akanalipira.

Njira ina imateteza munthu amene anadalira lonjezo loti mnzake sadzafuna zonse zimene kontirakiti imamulola. Pa mlandu wa High Trees, kampani ina inachita lendi nyumba zogonamo ku London mu 1937 pa mapaundi 2,500 pachaka. Mu 1940, nkhondo itachititsa kuti nyumba zambiri zikhale zopanda anthu, eni ake anavomera kulandira mapaundi 1,250, ngakhale kuti sanapatsidwe chilichonse chosinthanitsa. Pofika 1945 nyumbazo zinali zitadzazanso. Woweruza Denning anagamula kuti lendi yonse ibwerere pa miyezi 6 yomaliza ya 1945, imene eni akewo anasumira, koma ananenanso kuti akanafuna zotsala za zaka za nkhondo sakanapatsidwa, popeza analonjeza akudziwa kuti anzawo adalira lonjezolo.

Ndiye ndingasumire munthu pongonena kuti ndinadalira lonjezo lake?

Ku England simungatero. Pa mlandu wa Combe ndi Combe wa 1951, mwamuna analonjeza mkazi wake wakale mapaundi 100 pachaka koma sanalipire, ndipo khoti la apilo linakana dandaulo la mkaziyo, ponena kuti mfundo ya High Trees imathandiza podziteteza koma singakhale maziko oyambitsira mlandu. Imakanidwanso ngati lonjezo linapezedwa mofinya mnzako, monga pa mlandu wa D & C Builders ndi Rees, pamene amisiri omanga amene anali pamavuto a zachuma anakakamizidwa kulandira mapaundi 300 pa ngongole yoposa mapaundi 480, ndipo khoti linawalola kufuna zotsalazo.