Maso oyera a nsomba si chigamulo chonse

"Nsomba ikayera maso n'kufewa thupi, ndiye kuti yaola, aliyense woidya adwala." Mawu amenewa ndawamva zaka zambiri m'misika ndi m'makhitchini, ndipo ndatopa nawo chifukwa akutayitsa chambo chabwino.

Zoona zake n'zakuti zizindikiro ziwirizi zingathe kusonyeza kuti nsomba yakhalitsa chiiphereni, koma pazokha sizitsimikiza kuti ndi yoopsa. Chambo chimene chagona pa ayezi kapena chimene chaumitsidwa mufiriji chimayera maso chifukwa cha kuzizira, ndipo chikasungunuka mnofu wake umafewa popeza madzi oundana amang'amba timinofu ta m'kati. Komanso nsomba ikangofa imakhala yofewa, kenaka imauma gwa, pambuyo pake n'kufewanso.

Poyesa, tsegulani makha a nsombayo. Akakhala ofiira ndipo fungo lake ndi la madzi a m'nyanja basi, nsombayo ili bwino. Koma akasanduka otuwa kapena abulauni, ali ndi zonanda ndiponso akununkha mowawasa, isiyeni. Dinani chala pamsana: ngati chibowo chatsalira, mimba yatupa kapena yaphulika, ndipo mnofu ukusiyana wokha ndi minga, nsombayo yaonongeka, ndipo kuikazinga kwambiri sikungaikonze.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti chikhulupiriro chimenechi chimapangitsa ena kudalira maso owala okha, chonsecho nsomba yooneka bwino ingathe kudwalitsa ngati yatsukidwa ndi madzi akuda kapena sinapse mpaka m'kati. Chonde, musanauze mnzanu kuti nsomba yaola, yambani mwaona makha, fungo ndi mimba yake, ndipo mufunsenso wogulitsa mmene waisungira.