Alubumini: Puloteni Imene Imasunga Madzi M'mitsempha ya Magazi

Magazi akaikidwa m'kabotolo n'kuzunguzidwa pa makina a kuchipatala, amagawikana pawiri. Maselo ofiira amadikha pansi, ndipo pamwamba pamatsala madzi achikasu otchedwa pulazima. Pa magawo 100 a magazi, pafupifupi magawo 55 ndi pulazima.

Gawo lalikulu la pulazima ndi madzi, koma mulinso mchere monga sodiyamu, potaziyamu ndi kashiyamu, shuga, mahomoni, komanso zonyansa zopita ku impso kuti zikatuluke ndi mkodzo. Mulinso mapuloteni a mitundu itatu ikuluikulu: fibirinojeni imene imaundanitsa magazi pabala, magulobulini amene ena mwa iwo amalimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda, ndi alubumini, imene ndi yochuluka kuposa onsewa. Alubumini imapangidwa m'chiwindi, ndipo munthu wathanzi amakhala ndi magalamu 35 mpaka 50 pa lita imodzi ya pulazima.

Timitsempha tating'onoting'ono kwambiri ta magazi tili ndi timipata. Mtima ukamapopa, mphamvu yake imakankhira madzi ndi mchere kunja kudzera m'timipatato, ndipo umu ndi mmene chakudya chimafikira m'minofu. Alubumini ndi yaikulu, sidutsa mosavuta, choncho imatsalira mkati. Madzi amakokeredwa kumene kuli mapuloteni ambiri, ndiye alubumini imachepetsa madzi otuluka. Ochepa amene atuluka amatoledwa ndi mitsempha ina yamadzi n'kubwezeredwa m'magazi. Alubumini ikachepa, madzi otuluka amachuluka kuposa amene angatoledwe, ndipo munthu amatupa.

Titenge chitsanzo cha mwana wa zaka 4 amene akudzuka zikope zitatupa, pofika madzulo akakolo nawo atupa, ndipo mkodzo ukuchita thovu losatha msanga. Kuchipatala apeza puloteni yambiri mumkodzo, pamene alubumini m'magazi yatsika kufika magalamu 18 pa lita. Apa sefa za impso zikutaya alubumini mofulumira kuposa mmene chiwindi chingapangire ina. Chomvetsa chisoni n'chakuti makolo ena amayamba aganiza kuti mwana akunenepa, pomwe ndi madzi. Dinani ndi chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu. Pakatsala kadzenje, ndi kutupa, ndipo mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Alubumini imachepanso chiwindi chikawonongeka, ndipo zikatero madzi amadzadza m'mimba, komanso munthu akapsa kwambiri ndi moto kapena mwana akanyentchera mpaka kutupikana.

Koma si kutupa konse kochokera ku alubumini. Mtima ukafooka miyendo imatupa ngakhale alubumini ili yokwanira, n'chifukwa chake achipatala amayeza magazi ndi mkodzo asanapereke mankhwala. Musamwe mankhwala okodzetsa mwa inu nokha: munthu wotupa chifukwa chosowa alubumini akhoza kukhala ndi madzi ochepa mkati mwa mitsempha, ndipo mankhwalawo angawachepetsenso mpaka impso kuvulala.