Kalata yokhazikitsa wogulitsa m'sitolo isamalankhule pawiri

Makalata ambiri omwe masupavaiza a m'masitolo amandipatsa kuti ndiwaonereko pamene wogulitsa watsopano akumaliza pulobeshoni amakhala ndi matenda amodzimodzi, ndipo ndatopa nawo. Kalatayo imayamba ndi kuyamikira kuti mwanayu ndi waulemu komanso wolimbikira, kenaka imati "tikhoza kumusunga, koma asinthe khalidwe ndi kagwiridwe ka ntchito." Mukafunsa amene walemba ngati munthuyo wakhazikitsidwa pa ntchito kapena ayi, yankho limakhala lakuti tiona mmene achitire. Kalata yotere siteteza mwini sitolo, sithandiza wantchito, ndipo tsiku lina imakatulukira ku ofesi ya leba aliyense akuimasulira mokomera mbali yake.

Ngati mwaona kuti munthu akuyenera kukhazikitsidwa, nenani zimenezo m'ndime yoyamba, ndi tsiku lake. Mawu ake akhoza kukhala akuti: "Nditaunika ntchito yake m'miyezi itatu yomwe tinagwirizana, ndikupempha kuti akhazikitsidwe pa udindo wa wogulitsa m'sitolo kuyambira pa 1 Epulo." Mawu akuti "koma" kapena "pokhapokha" asapezeke m'chiganizo chimenechi. Ngati pali zofunika kuti akonze, sankhanipo zinthu ziwiri. Zimenezi zili ndi malo ake m'munsi mwa kalata, ndipo kumeneko muzilemba ngati ntchito yomwe munthu wokhazikika apitirize kuphunzira. Zikasanduka msampha woti akapanda kuudumpha ndiye kuti sanakhazikitsidwe, mwalemba kalata ina. Ngati zofookazo ndi zazikulu moti simungamusiye yekha pa tilo, musalembe kalata yokhazikitsa. Kambiranani naye zoonjezera nthawi, mulembe ndi kusainirana tsiku lothera pulobeshoni lisanakwane.

Chifukwa chake chili m'lamulo. Ndime 26 ya lamulo loona za kulembana ntchito la chaka cha 2000 imalola kuti wolemba ntchito ndi wantchito waluso agwirizane za kutalika kwa pulobeshoni, bola isapitirire miyezi 12, ndipo mkati mwa nthawiyo aliyense wa awiriwo akhoza kuthetsa mgwirizano popanda notisi. Onani bwino kuti ndimeyi ikunena za kugwirizana, choncho pulobeshoni yomwe ili m'mutu mwa bwana yekha, yosalembedwa paliponse, ndi yovuta kuitsimikiza pa mlandu. Nthawiyo ikatha zinthu zimasintha kwambiri. Wolandira malipiro pamwezi amayenera notisi ya mwezi umodzi, ndipo ndime 57 imafuna kuti pakhale chifukwa chomveka chochotsera munthu ntchito komanso kuti apatsidwe mwayi wodziteteza pa zomwe akumuneneza. Kalata yolankhula pawiri imamusiya munthu osadziwa kuti ali mbali iti ya mzere umenewu.

Pali mtsikana wina amene nkhani yake imandiwawabe mpaka lero. Ankagulitsa m'golosale ina yaikulu ndithu, yokhala ndi matilo awiri, ndipo anagwirizana pulobeshoni ya miyezi itatu. Supavaiza wake anamukonda, nalemba kalata yopempha kuti asungidwe, koma anamaliza ndi mawu aja akuti akonze khalidwe ndi kusamala ndalama. Mwini sitolo anaiwerenga n'kuiponya m'dilowa. Palibe anayankha, palibe anamuitana mtsikanayo, ndipo iye sanapatsidwe kope. Anapitiriza kugwira ntchito, akutsegula sitolo m'mawa ndi kuphunzitsa anzake obwera pambuyo pake, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti anakhazikika kale. Chaka chisanathe, tilo yake inachita shoti madzulo ena, ndipo m'mawa mwake anauzidwa kuti asabwerenso chifukwa anali adakali pa pulobeshoni ndipo sanakonze zomwe anauzidwa. Iye anafunsa kuti anauzidwa liti, ndipo panalibe amene akanatha kumuonetsa pepala lomwe anasaina.

Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi zomwe zinatsatira. M'malo mopita kwa mkulu wa leba wa m'boma lake, anagwa m'manja mwa dobadoba wina wa amene amayendayenda pafupi ndi maofesi atanyamula fayilo, amene anamulonjeza kuti amulembera kalata yoopsa yoti bwana anjenjemere. Analipira, kalata inalembedwa ya Chingerezi chokhuthala, bwana sanaiyankhe, ndipo dobadoba uja ankangoti dikirani, zikuyenda. Lamulo limapereka miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwa ntchito kuti munthu akadandaule kwa mkulu wa leba. Pamene ankafika kwa ine miyezi imeneyo inali itadutsa, mboni zina zitachoka pa sitolopo, ndipo nkhani yomwe ikanatha pa tebulo limodzi inali italimba. Chonde, musapereke ndalama kwa munthu wopanda ofesi amene akukulonjezani chipambano, ndipo inu eni masitolo lekani kugula makalata okonzeratu m'malo otayipira, ongosinthamo dzina. Ndaonapo kalata ya wogulitsa m'sitolo ikunena za kusamalira galimoto ya kampani, chifukwa inakoperedwa pa kalata ya dalaivala.

Tsopano za zinthu ziwiri zija. Mawu ngati "khalidwe", "changu" kapena "kudzipereka" sauza munthu choti achite mawa m'mawa. Chofooka chilichonse chikhale ndi zomwe zinaoneka, muyezo womwe mukufuna, ndi thandizo lomwe sitolo ipereke. Tiyerekeze kuti wogulitsa wathu amalandira bwino makasitomala, sajomba, ndipo mitengo anaiphunzira msanga, koma amavutika potseka tilo. Ndime yake ikhoza kunena kuti: "M'mwezi wachiwiri ndi wachitatu, ndalama za m'tilo zinasiyana ndi zomwe makina anaonetsa masiku anayi, katatu zinaperewera ndipo kamodzi zinapitirira. Titafufuza tinapeza kuti amaphatikiza malipiro a pafoni ndi ndalama zapamanja, komanso amasintha ndalama zikuluzikulu osalemba. Kwa mwezi umodzi aziwerengera limodzi ndi supavaiza potseka, ndipo tidzaunikanso kumapeto kwa Meyi."

Taonani kuti ndatchula ndi tsiku lomwe ndalama zinapitirira. Ambiri amangolemba za shoti, osadziwa kuti kusiyana kopita mbali zonse ziwiri kumaonetsa munthu amene akusokoneza kawerengedwe, pamene shoti yobwerezabwereza ya mbali imodzi imafuna kufufuza kwa mtundu wina. Mukangolemba kuti "sasamala ndalama", wowerenga aliyense amamva kuti mukumutcha wakuba mwaulemu, ndipo dzina limenelo limamutsata munthu m'fayilo yake zaka zambiri. Gwero la vuto nalonso lilembedwe, chifukwa nthawi zambiri limakhala la sitolo yomwe. Kasitomala akalipira kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money, wogulitsa n'kudina pa makina ngati walandira ndalama zapamanja, madzulo dilowa imaoneka yoperewera ngakhale kuti palibe tambala yomwe yasowa. Ngati palibe amene anamuonetsa batani loyenera, cholakwa si chake yekha, ndipo kalata yoona mtima imavomereza zimenezo polonjeza maphunziro.

Chinthu chachiwiri chikhoza kukhala kasanjidwe ka katundu. Wogulitsa watsopano akalandira makatoni a majarini, mkaka kapena mabisiketi, mwachibadwa amaika atsopano patsogolo pa shelefu chifukwa ndi pomwe manja akufikira, akale aja n'kukankhikira kumbuyo mpaka deti lake litadutsa. Kalata inene kuti powerenga katundu kumapeto kwa mwezi panapezeka mapaketi otha ntchito kumbuyo kwa shelefu yomwe iye amayang'anira, kuti lamulo la sitolo ndi lakuti katundu wakale azituluka poyamba, ndi kuti aziyang'ana madeti Lolemba lililonse n'kulemba m'kabuku. Izi n'zokwanira, musaonjezere ulaliki.

Ena amandifunsa chifukwa chake ndimaumirira ziwiri pamene iwo aona zofooka zisanu ndi ziwiri. Munthu amene mukupempha kuti akhazikike wakhoza kale mayeso, ndipo kalata yodzadza ndi zolakwa imatsutsana ndi pempho lanu lomwe. Mwini sitolo akaiwerenga amayamba kukayika, ndipo wantchito amagwa ulesi osadziwa poyambira. Sankhani ziwiri zomwe zimadyera sitolo ndalama kapena makasitomala, zotsalazo muzinena pakamwa tsiku ndi tsiku. Ndipo musaikemo chinthu chomwe simunamuuzepo m'miyezi yonseyi. Ngati akumva koyamba m'kalata kuti amachedwa kupereka lisiti, amene walephera ntchito ndi supavaiza. Zomuyamikira nazo zikhale ndi umboni wofanana, monga kuti buku losainira likuonetsa kuti sanachedwepo, kapena kuti anagwira bwino tilo masiku a malipiro pamene mzere umafika pakhomo.

Kalata ya supavaiza ndi pempho chabe. Amene ali ndi mphamvu yolemba ntchito, kaya ndi mwini sitolo kapena manijala, ayenera kuyankha ndi kalata yake yopita kwa wantchito, yonena tsiku lokhazikitsidwa ndi malipiro atsopano ngati munalonjeza kukweza. Apa ndi pamene ambiri amagonera. Ine ndimalangiza kuti supavaiza akhale pansi ndi wantchito kukadali masabata awiri pulobeshoni isanathe, awerenge kalatayo limodzi m'chilankhulo chomwe wantchitoyo akumva bwino, ampatse mpata wolemba ndemanga yake m'munsi, onse asaine ndi kuika deti, ndipo wantchito atenge kope lake. Kusaina kukutanthauza kuti walandira ndi kuwerenga, ndipo ndi bwino kulemba mawu amenewo pamwamba pa mzere wosainira kuti asaope kuti akuvomera mlandu. Musalembenso ngati kuti ntchito yake ikuyamba pa tsiku lokhazikitsidwa, chifukwa nthawi yomwe munthu wagwira ntchito imawerengedwa kuchokera tsiku loyamba lomwe anafika pa sitolo, miyezi ya pulobeshoni ili momwemo.

Kwa inu ogulitsa amene tsiku lanu lothera pulobeshoni ladutsa muli chete, musadikire kuti bwana akumbukire yekha. Lembani kakalata kaulemu kofunsa ngati mwakhazikitsidwa, ikani deti, sungani kope kunyumba osati m'sitolo, ndipo sungani pamodzi ndi kalata yomwe munalemberedwa nayo ntchito ndi mapepala a malipiro. Mukachotsedwa mwadzidzidzi, tengani mapepala amenewo mupite ku ofesi ya leba sabata yomweyo.