Soketi yowonjezera ili ndi malire ake

Ntchito yomwe amisiri a magetsi timaitanidwira kawirikawiri ndi yokoka waya kuchoka pa soketi yomwe ilipo kale kuti pakhale ina kuseri kwa khoma. N'zololedwa, koma nthambi yotereyi siyofanana mphamvu ndi masoketi ena m'nyumbamo.

M'nyumba zambiri zokhala ndi masoketi a mabowo atatu, masoketiwo amakhala pa ring'i: waya wa 2.5 mm² amachoka ku bokosi la mabureka, n'kudutsa soketi iliyonse, n'kubwereranso ku bureka yomweyo ya 32A. Moto umafika pa soketi kuchokera mbali ziwiri, ndiye mawayawo amagawana katundu. Nthambi ilibe mwayi umenewu. Imadalira waya mmodzi, yemwe amasenza maampeya 20 mpaka 27, kutengera momwe wayikidwira. Wokwiriridwa mu paipi m'khoma amalephera kutaya kutentha, motero amasenza zocheperapo.

N'chifukwa chake lamulo limati nthambi yopanda fyuzi idyetse soketi imodzi basi, kaya ya pulagi imodzi kapena ya mapulagi awiri.

Tiyerekeze kuti wina walumikiza masoketi atatu motsatizana pa nthambi imodzi. M'mawa wa mu Juni, paikidwa ketulo ya mawati 2000, hotipuleti ya 2500 ndi hita ya 2000. Pamodzi ndi mawati 6500. Tikagawa ndi mavoti 230, tikupeza maampeya 28. Bureka ya 32A siikuona vuto lililonse, siigwa. Koma waya uja akupsa pang'onopang'ono m'khomamo. Zizindikiro zake ndi fungo la pulasitiki yopserera, soketi yofunda mukaigwira, ndi mabowo osanduka oderako.

Ngati mukufunadi masoketi angapo, mmisiri ayambe waika kabokosi kokhala ndi fyuzi ya 13A, masoketiwo abwere pambuyo pake. Onse pamodzi sangapitirire mawati pafupifupi 3000. Mukapyola, imafa ndi fyuzi, waya n'kupulumuka. Kukhitchini zimenezi zimatopetsa, ndipo ine kumeneko ndimakonda kukoka waya watsopano kuchokera ku bokosi.

Nanga soketi yoti nkukokapo imadziwika bwanji? Bureka ikazimitsidwa, n'kutsimikiza ndi choyezera kuti moto palibe, timamasula soketi n'kuwerenga zingwe zolowa kumbuyo. Zitatu, ndiye kuti pali nthambi kale, tiisiye. Chimodzi pa bureka ya 32A, ndiye kuti soketiyo ndi nthambi, siikokedwanso. Ziwiri ndizo zimapusitsa, chifukwa ikhoza kukhala nthambi yomwe wina anaiwonjezera kale molakwika. Timalekanitsa mawaya awiri ofiira aja, kapena abulawuni, n'kuyeza pakati pawo ndi choyezera chotchedwa malitimita. Ikaonetsa kuti ndi olumikizanabe kudzera ku bokosi, soketiyo ilidi pa ring'i.

Waya wa nthambiyo akhale wa 2.5 mm² wokhala ndi efi, waya wachitatu woteteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi, osati chingwe chofewa cha ekisitenshoni, ndipo ayende mowongoka, choimirira kapena chopingasa kuchoka pa soketi, kuti wokhoma msomali wa chithunzi adziwe popewa.