Musathamangire kukumana pakati

Ntchito yanga kuno ku Joni ndi yosunga mabuku a ndalama a anthu a mabizinesi ang'onoang'ono, ndipo ambiri mwa iwo ndi a kumudzi. Anthu akamanenerera mtengo, mawu amene ndimawamva kawirikawiri ndi akuti "tiyeni tingokumana pakati". Amamveka achilungamo, ndipo amathetsa mkangano msanga. Koma mgwirizano ukakhala ndi mfundo zingapo, kugawa mfundo iliyonse pakati kumataya ndalama zomwe onse awiri akanapita nazo kunyumba.

Pali njira ina, yomwe Aamerika anaitcha kugubuduzirana zipika, potengera momwe alimi akale a kumeneko ankathandizirana kusuntha mitengo yolemera: lero kwa ine, mawa kwa iwe. Pa malonda imatanthauza kuti ndikusiyireni kotheratu chimene inu mumachiona cholemera pomwe kwa ine nchopepuka, inunso mundisiyire changa chimodzimodzi.

Chaka chatha ndinakhala pakati pa telala wina wa ku Mayfair ndi mayi wina yemwe ali ndi sukulu ya mkaka ku Rosettenville. Mayiyo ankafuna matirakisuti 200 a ana, nyengo yozizira isanafike. Telala ankati R180 imodzi, mayi ankati R160. Telala ankafuna dipoziti yaikulu, mayi ankafuna yaying'ono. Pomwe ndinkafika anali atatsala pang'ono kugwirana chanza pa R170 ndi dipoziti ya 40 pa 100, aliyense nkhope ili gwa.

Ndinamutengera telala pambali ndi kumufunsa funso limodzi: "Achimwene, kuti makina ayambe kulira mukufunika zingati?" Anawerenga nsalu, mazipi, ulusi ndi lasitiki, zonse R20,000. Tsono pa R170 oda yonse ndi R34,000, ndipo 40 pa 100 yake ndi R13,600. Zotsalazo, R6,400, anati akatenga katapila, kwa uja amene kuno amamutcha mashonisa, pa chiwongoladzanja cha 30 pa 100 pamwezi. Ntchito inali ya miyezi iwiri. Ndiye kuti R3,840 ikanapita kwa wakatapila, iye nkutsala ndi R30,160. Anali asanawerengepo motero. M'mutu mwake munali R34,000 basi.

Mayi uja nkhani yake inali ina. Makolo ambiri anali atalipira kale fizi, ndalama zili phee ku banki, kumene sizimabereka ngakhale 1 pa 100 pamwezi. Kutulutsa R6,400 yowonjezera miyezi iwiri isanakwane nthawi yake kunali kumutayitsa ndalama yosapitirira R130. Chimene chinkamuwawa ndi mtengo wa tirakisuti imodzi, chifukwa anali atawauza kale makolo mtengo ndipo sakanatha kuukweza.

Onani tsono kusiyanaku. Chinthu chimodzi chomwecho, R6,400 yoperekedwa msanga, kwa telala chinali cholemera R3,840, kwa mayi R130. Apa ndiye pobisala phindu. Anagwirizana kuti mtengo ukhale wa mayi, R160 yonse osawonjezera, koma dipoziti ikhale ya telala, R20,000. Telala analandira R32,000 yopanda ngongole, kuposa pakati paja ndi R1,840. Mayi analipira R32,000 m'malo mwa R34,000. Palibe anadyera mnzake. Ndalama zopitirira R3,700 zimene anagawanazo zinachokera m'thumba la wakatapila, amene sanapezenso khomo lolowera.

Ndimakhulupirira kuti cholepheretsa chachikulu si umbombo. Timangoganiza kuti mnzathuyo akulimbira chomwe ifenso tikulimbira, ndi mphamvu yofanana. Telala ankaona ngati mayi akukakamira dipoziti chifukwa alibe ndalama, mayi naye ankaona ngati telala moyo wake wonse uli pa R20 ija. Onse ankalakwa, ndipo palibe anamufunsa mnzake.

Ndiye musanapite kokambirana, khalani pansi ndi pepala. Lembani mfundo zonse, osati mtengo wokha: tsiku lolipira, tsiku lobweretsa katundu, wolipira thiransipoti, wokonza zikawonongeka. Pa mfundo iliyonse dzifunseni kuti mukagonja kotheratu mutaya marandi angati. Mukapanda kuika nambala, chilichonse chimaoneka chofunika, ndipo munthu amene zonse nzofunika kwa iye alibe chosinthanitsa.

Mukafika, pewani kutseka mfundo imodzi imodzi. Akanati atseke mtengo pa R170 poyamba nkuyamba za dipoziti pambuyo, telala sakanakhalanso ndi choti apereke. Mfundo zonse zikhale zotsegula mpaka pamapeto, ndipo chilichonse chimene mukupereka chikhale ndi "ngati" patsogolo: "Mayi, ngati mungandipatse R20,000 poyambira, ine nditsika kufika pa R160." Mukangotsitsa popanda "ngati", mnzanuyo amalandira ngati mphatso nkuyembekezera ina.

Nanga ngati mnzanuyo safuna kuulula chimene chikumuwawa? Ambiri safuna, ndipo sindiwadzudzula. Mupatseni njira ziwiri nthawi imodzi, zomwe kwa inu zikufanana phindu. Telala akanatha kunena kuti: R160 ndi dipoziti ya R20,000, kapena R180 ndi dipoziti ya R13,600. Yachiwiriyi ndi R36,000 kuchotsapo R3,840 ya katapila, kutsala R32,160, ndiye kwa iye zonse nzimodzi pafupifupi. Imene mayi angaiyandikire ndiyo ikukuuzani za mumtima mwake, iye asananene. Akakana zonse ziwiri koma nkuyamba kufunsa zambiri za imodzi, mwamva kale.

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo ndaonapo ikulephera. Ngati mayi uja naye akanakhala kuti fizi sinalowe ndipo dipoziti akaitenga kwa wakatapila yemweyo, sipakanakhala chosinthana. Chizindikiro chake nchakuti mwasintha njira zomwe mukumupatsa kawiri katatu koma mnzanu akubwererabe pa mfundo yomwe inunso mwaiika pamwamba. Zikatero funani mfundo yatsopano yoti muiwonjezere, monga oda ya chaka chamawa, apo ayi vomerani kuti apa mpogawana basi.

Palinso amene amanamizira kuti kanthu kakang'ono nkofunika kwambiri, kuti akakasiya aoneke ngati wapereka ng'ombe. Mungamudziwe pomufunsa chifukwa chake. Munthu amene tsiku limamuwawadi amakuuzani msanga chimene chichitike likadutsa, pomwe wonamizira amangobwereza kuti "nzofunika". Ndipo samalani ndi lilime lanu lomwe. Kunena kuti "kwa ine dipoziti imaposa mtengo" nkothandiza. Kunena kuti "popanda dipoziti ndikagwa m'manja mwa katapila" nkumupatsa mnzanu mpeni, chifukwa angafune R150. Phindu likakula, funso loti ndani atenga zingati silichoka ayi.

Chinatsala pang'ono kugwetsa mgwirizano uja sichinali masamu. Mayi anandiyang'ana nati, "Bambo, nanga ndikapereka R20,000 munthu nkuzimitsa foni, nkusamukira ku Kepi?" Mantha amenewo ndi mtengo weniweni wa dipoziti, woposa R130 ija, ndipo kuno kumene anthu amasamuka usiku umodzi si mantha opanda pake. Tinawachepetsa motere: mayi anapita limodzi ndi telala kukagula nsalu ku Fordsburg, nalipira yekha pa kauntala, lisiti nkulembedwa dzina la sukulu. Theka la nsaluyo linakagona ku sukulu, ndipo telala ankabwera kudzatenga mpukutu wina akabweretsa matirakisuti 50 otha. Zonsezi tinazilemba pa pepala limodzi, onse awiri nkusaina, aliyense nkutenga lake.